Belo ndi rimandi: masiku a munthu wosazengedwa mlandu amawerenga ndani?

Bwalo lalikulu la milandu ndi ndende ya Chichiri zili pafupi kwambiri, moti munthu akhoza kuyenda wapansi osatuluka thukuta. Koma m'ndendemo muli anthu amene kamtunda kameneka kawatengera miyezi, ena zaka, asanaonane ndi woweruza woti amve mlandu wawo. Sanapezeke olakwa. Ali pa rimandi, kutanthauza kuti boma likuwasunga podikira mlandu. Abale awo akamafotokoza amangoti "ali kundende", ndipo pamudzi pamamveka ngati zonse zinatha kale, pamene m'maso mwa lamulo munthuyo ndi wosalakwa ngati inu ndi ine.

Ambiri timaganiza kuti belo ndi chisomo chimene woweruza amapereka kwa amene wamumvera chisoni, kapena katundu amene amagulidwa ndi anthu a ndalama. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 sanena choncho. Gawo 42(2)(e) likuti munthu womangidwa ali ndi ufulu wotulutsidwa, ndi belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Choncho chokhazikika ndi kutuluka. Kusungidwa ndiko kumafuna chifukwa. Amene analemba mawu amenewa anali atangotuluka m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankatengedwa kunyumba usiku n'kukakhala zaka ku Mikuyu popanda womuuza chomwe walakwa. Ankadziwa chimene akutseka.

Kuti tione m'mene ufuluwu umagwirira ntchito, ndi pomwe umaterereka, tiyerekeze nkhani ya mnyamata wokonza mafoni mumsika wa Ndirande. Wina wamubweretsera foni kuti aikonze galasi, n'kusowa. Patapita masiku apolisi afika ndi mwini foni weniweni, amene anaberedwa m'minibasi. Mnyamatayo wamangidwa Lachinayi madzulo pa 27 Febuluwale, pa mlandu wolandira katundu wakuba.

Maola 48 oyamba

Kuwerenga koyamba kumayamba nthawi imene wamangidwa. Gawo 42(2)(b) likuti akaonekere kukhoti msanga m'mene kungathekere, osapyola maola 48, kuti akauzidwe mlandu wake kapena chifukwa chomusungirabe. Zikapanda kutero, amasulidwe. Koma pali kamchira kamene abale ambiri sakadziwa: maolawo akathera nthawi imene makhoti sagwira ntchito, munthu amaonekera tsiku loyamba limene khoti latsegula. Maola 48 a mnyamata wathu atha Loweruka madzulo. Lamlungu khoti kulibe. Lolemba pa 3 Malichi ndi tchuthi chokumbukira ofera dziko. Ndiye kuti apolisi akamutengera kukhoti Lachiwiri pa 4 Malichi sanaphwanye malire, ngakhale wagona m'chitokosi masiku asanu. N'chifukwa chake anthu odziwa amaopa kumangidwa kumapeto a sabata. Amene wamangidwa Lolemba m'mawa ayenera kukhala ataima pamaso pa majisitireti pofika Lachitatu m'mawa, ndipo mawu akuti "tikufufuzabe" kapena "galimoto ilibe mafuta" sachotsa lamuloli.

M'masiku amenewa khomo loyamba lotulukira lili kupolisi komweko. Pa milandu imene si yoopsa, mkulu wa polisi ya pamalopo ali ndi mphamvu yopereka belo. Munthu amasaina pepala lolonjeza kuti adzabwera tsiku lakuti, nthawi zambiri pamodzi ndi wachibale womuimira. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo akuluakulu a polisi amabwereza mawu amenewa kawirikawiri. Wina akakuuzani kuti "pezani kangachepe m'bale wanuyu agone kunyumba", ndalama imeneyo si belo, ndipo simudzapatsidwa lisiti yake. Chizindikiro chake n'chomwecho: ndalama ya boma imayenda ndi lisiti.

Mnyamata wathu apolisi amukaniza belo, ati akufuna awathandize kupeza amene anabweretsa foni. Pamenepa mpofunika kukumbukira kuti gawo lomwelo la 42 limamupatsa ufulu wokhala chete, ndipo limaletsa kumukakamiza kuvomera mlandu. Zimene asaine m'masiku asanu amenewa, ali wotopa, wanjala komanso wamantha, zidzawerengedwa kukhoti patapita miyezi. Sitetimenti yolembedwa m'Chingerezi, iye atafotokoza m'Chichewa, ayenera kuwerengeredwa ndi kumasuliridwa asanaikepo dzina. Kusiyana kwa "anandipatsa kuti ndikonze" ndi "anandipatsa kuti ndisunge" kukhoza kusandutsa mmisiri kukhala wolandira zakuba.

Pamaso pa majisitireti

Lachiwiri lija wafika kukhoti. Mlandu wawerengedwa, waukana. Apa ndi pamene ambiri opanda loya amatayira mwayi, chifukwa zonse zimachitika m'mphindi zochepa. Wapolisi woimira boma amaimirira n'kupempha tsiku lina, majisitireti amalemba, munthu n'kubwezedwa pabenchi. Ngati sanatsegule pakamwa kupempha belo, ndipo woweruza sanamukumbutse, amakwera galimoto ya ku Chichiri. Kupempha belo kwa majisitireti sikufuna loya kapena kalata. N'zokwanira kunena ndi pakamwa kuti, "Bwana, ndikupempha belo. Ndimakhala ku Ndirande, ndili ndi benchi mumsika, mayi anga ndi amalume ali panja ndipo akhoza kundiimira."

Funso lalikulu ndi lakuti ndani ayenera kukhutiritsa khoti. Kwa zaka zingapo pambuyo pa 1994 makhoti ankagamula mosiyanasiyana, makamaka pa milandu yakupha, pamene woganiziridwa ankauzidwa kuti aonetse zifukwa zapadera zomutulutsira. Bwalo lalikulu la apilo linathetsa mkanganowu pa mlandu wa Fadweck Mvahe wa 2005. Linati udindo uli pa boma: ndi boma limene liyenera kuonetsa kuti chilungamo chisokonekera munthuyo akatuluka, ngakhale mlandu utakhala wakupha. Kukula kwa mlandu kumaganiziridwa, pakuti woopa chilango chachikulu akhoza kuthawa, koma pakokha sikutseka khomo.

Nanga chilungamo chingasokonekere bwanji? Lamulo lotsogolera pa za belo la chaka cha 2000 linatchula zimene khoti liyenera kuyang'ana. Choyamba, ndipo ndicho chachikulu, kodi munthuyu akatuluka adzabweranso kudzazengedwa mlandu? Pamenepa khoti limaona ngati ali ndi pokhala podziwika, banja, ntchito kapena bizinesi yomumanga pamalo, komanso ngati anathawapo belo m'mbuyomu. Kenako limaona ngati angaopseze mboni kapena kubisa umboni, ndiponso ngati angavulaze wina kapena kupalamulanso. Nthawi zina, koma mwa apo ndi apo, limaonanso ngati kutuluka kwake kungabutse chipwirikiti pamalo. Zonsezi zimayezedwa ndi mbali ya munthuyo: wakhala kale nthawi yaitali bwanji m'manja mwa boma, mlandu uchedwa mpaka liti ndipo akuchedwetsa ndani, thanzi lake lili bwanji, ndipo kusungidwako kukumulepheretsa bwanji kukonzekera kudziteteza.

Woimira boma pa nkhani ya mnyamata wathu wakana belo ndi mawu amene amamveka tsiku lililonse m'makhoti a mu Blantyre ndi Limbe: kafukufuku sanathe, ndipo akatuluka asokoneza. Woweruza wosamala safulumira kulemba mawu amenewa. Amafunsa kuti chatsala n'chiyani, chitha liti, ndipo munthuyu angachisokoneze motani. Foni ili kale m'manja mwa apolisi. Mwini wake wapereka kale sitetimenti. Mnyamatayo sakudziwa ngakhale kumene mwini foniyo amakhala. Chotsala ndi kusaka munthu wina amene anathawa, ndipo kulephera kugwira wina si chifukwa chosungira amene wagwidwa. Ine ndimaona kuti chosiyanitsa khoti lotsata lamulo ndi khoti longodutsa m'mafayilo ndi mafunso atatu amenewa basi.

Tinene kuti majisitireti wapereka belo. Wati apereke K50,000 pompopompo, apeze anthu awiri omuimira, aliyense alonjeze K150,000 yosapereka, ndipo azikaonekera kupolisi Lachisanu lililonse lachiwiri. Ziwerengerozi n'zongoyerekeza, koma kapangidwe kake ndi kameneka. Mayi ake, atamva ndalamazo kudzera mwa womasulira amene amathamanga, aphatikiza zonse m'mutu n'kupeza K350,000. Atuluka akulira, poganiza kuti ngakhale atagulitsa zonse za m'nyumba sangaikwanitse. Chikhalirecho yofunika m'manja ndi K50,000 yokha. Ndalama ya omuimira ndi lonjezo la papepala, limene limasanduka ngongole pokhapokha mwanayo atathawa. Ndipo K50,000 ijanso si chindapusa. Ndi chikole, chimene chimayenera kubwezedwa mlandu ukatha ngati sanaphwanye malamulo a belo, kaya wapezeka wolakwa kaya ayi. Lisiti yake isungidwe ngati chiphaso cha munda.

Anthu ambiri amene ali pa rimandi sanakanizidwe belo ayi. Anapatsidwa, koma analephera kukwaniritsa. Omuimira, amene ena amangowatchula kuti mboni ngakhale sadzaperekera umboni pa mlandu, ayenera kubwera okha kukhoti ndi chitupa cha unzika kuti woweruza awafunse. Amafunsidwa ubale wawo ndi woganiziridwayo, kumene amakhala, chimene amachita, ndi katundu amene ali naye woti angafanane ndi ndalama imene akulonjeza. Amalume amene akanatha kuimira mnyamata wathu akana, ati anamva kuti mwanayo akathawa iwo ndiwo adzalowe m'malo mwake kundende. Sizili choncho kwenikweni. Woimira mnzake satenga mlandu wa mnzakeyo. Chimene amataya ndi ndalama imene analonjeza, ndipo akalephera kuilipira khoti likhoza kulanda katundu wake, mwinanso kumutsekera chifukwa cha ngongoleyo. Akaona kuti amene akumuimirayo wayamba kukonzekera ulendo, ali ndi ufulu wopita kukhoti n'kunena kuti akuchotsa dzina lake. Si udindo wopepuka, koma si umene amalumewo akuuopa.

Taganizirani tsono za munthu amene anabwera m'tauni yekha kuchokera ku Nsanje kapena ku Phalombe kudzagwira maganyu, abale ake sakudziwa n'komwe kuti wamangidwa, ndipo foni yake ili m'thumba la katundu kupolisi. Kwa iyeyu belo ya anthu awiri omuimira ndi chimodzimodzi kukanizidwa. Gawo 118 la lamulo la ndondomeko ya milandu ndi umboni likuti ndalama ya belo iganizire m'mene zinthu zilili ndipo isakhale yopyola muyeso. Muyesowo ndi wa munthu amene waima m'bokosimo. K50,000 kwa mwini shopu ku Limbe ndi ya mafuta a galimoto, koma kwa wonyamula katundu padepoti ndi khoma. Zikavuta chonchi, munthu akhoza kubwerera kwa majisitireti yemweyo kukapempha kuti afewetse, ndipo gawo lomwelo limapatsa bwalo lalikulu mphamvu yochepetsa ndalamayo kapena kupereka belo imene majisitireti wakana. Milandu yakupha ndi youkira boma ndiyo majisitireti saikhudza pa za belo. Imeneyo pempho lake limapita kubwalo lalikulu, ndi mapepala olumbirira, ndipo apa loya ndi wofunikadi. Wopanda ndalama amadalira maloya a boma a ku Legal Aid Bureau, amene ndi ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna.

Kuwerenga kwachiwiri

Amalume atakana, mnyamata wathu walowa ku Chichiri madzulo a pa 4 Malichi. Apa payamba kuwerenga kwina kumene ngakhale anthu ophunzira ambiri sakudziwa kuti kulipo.

Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ndondomeko ya milandu n'kuikamo magawo atsopano, kuyambira 161A, oika malire a nthawi imene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe kuzengedwa. Pa mlandu wozengedwa kwa majisitireti malire ndi masiku 30. Pa milandu ikuluikulu, monga kupha, kuukira boma, kugwiririra, kugona ndi mwana ndi kuba moopseza, malire ndi masiku 90. Boma likaona kuti silikwanitsa, liyenera kupempha khoti kuti lionjezere, pempholo lifike kutatsala masiku osachepera 7 kuti nthawi ithe, ndipo lipereke chifukwa chomveka. Kuonjezerako sikupyola masiku 30.

Tiwerenge za mnyamata wathu. Masiku 30 kuchokera pa 4 Malichi akutha cha pa 3 Epulo. Ngati boma likufuna kumusungabe, liyenera kukhala litapempha pofika cha pa 27 Malichi. Likaloledwa, malire omaliza ndi kumayambiriro kwa Meyi. Kwa woganiziridwa kupha, kuphatikiza 90 ndi 30 kumapereka masiku 120, pafupifupi miyezi inayi. Aliyense amene anachezapo ndi a pa rimandi ya milandu yakupha amadziwa kuti miyezi inayi imeneyi ili papepala. Doketi, fayilo ya apolisi ya mlanduwo, imachoka kupolisi kupita kwa mkulu woimira boma pa milandu, mlandu umayenera kutumizidwa kubwalo lalikulu, lipoti la dokotala wopima mtembo limadikiridwa, ndipo kuzenga kwenikweniko kumafuna ndalama zoyendetsera mboni. Pa sitepe iliyonse fayilo ikhoza kugona.

Vuto lili pa chimene chimachitika malire akakwana. Chitseko cha ndende sichitseguka chokha. Lamulo likuti nthawiyo ikatha khoti likhoza kupereka belo, mwa lokha, kapena woganiziridwa akapempha, kapena a boma akalidziwitsa. Koma khoti limaona fayilo imene yaikidwa patebulo. A ndende amasunga munthu malinga ndi kalata ya rimandi imene anabwera nayo, yokhala ndi tsiku lobwerera kukhoti. Tsikulo likafika galimoto osabwera, kalatayo imatha mphamvu munthu ali mkati, kapena imakaonjezeredwa iye osaonekera. Wapolisi amene ankatsata mlandu akasamutsidwa, doketi imatsala m'kabati. Polisi ili ndi kaundula wake, khoti lili ndi wake, ndende ilinso ndi wake, ndipo palibe mmodzi amene ntchito yake ndi kukhala ndi kalendala n'kunena kuti wakutiwakuti masiku ake atha lero. Amene amawerenga mosaphonya ndi mkaidi yekha, ndipo iyeyo ndiye alibe njira yofikira patebulo la woweruza.

Pali malire enanso a lamuloli. Masiku 30 ndi 90 aja amateteza nthawi ya mlandu usanayambe. Ukangoyamba, mwachitsanzo mboni imodzi ya boma italankhula kenako mlandu n'kumangoimitsidwa mwezi ndi mwezi, chotsala ndi mawu a gawo 42(2)(f) la malamulo aakulu akuti munthu azengedwe m'nthawi yoyenera. Nthawi yoyenera ilibe nambala. Khoti limaona kutalika kwa kuchedwako, amene akuchititsa, ndi m'mene kwamupwetekera woganiziridwa. Komabe kuchedwa kotere ndi chifukwa chokwanira chopemphera belo kachiwiri, ngakhale inakanidwa poyamba, pakuti zinthu zasintha.

Chimene rimandi imachita ku mlandu weniweniwo

Kawirikawiri tikamakamba za rimandi timakamba za kuvutika kwa thupi, ndipo n'koona. Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano anasumira boma, bwalo lalikulu linagamula kuti kuthithikana ndi kusowa mpweya m'ndende zathu ndi nkhanza zosemphana ndi malamulo aakulu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Mpaka lero ndende zikusunga anthu ochuluka kuposa amene zinamangidwira. Malamulo aakulu amanenanso kuti wa pa rimandi asasakanizidwe ndi opezeka olakwa pokhapokha patavuta kwambiri, koma m'chipinda chimene anthu amagona chokhala, kusiyanitsa kotere kumavuta.

Chimene sitikamba mokwanira n'chakuti rimandi imadya mlandu womwewo. Gawo 42(2)(f) limalonjeza woganiziridwa kuti aonedwe wosalakwa, auzidwe mlandu momveka, abweretse umboni wake ndi kutsutsa wa boma, akhale ndi loya, ndipo zonse zichitike m'chilankhulo chimene akumva. Taonani m'mene malonjezo amenewa amafotera munthu ali mkati. Mnyamata wathu ali ndi mboni ziwiri zimene zinaona kasitomala akusiya foni ija: mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi benchi yake, ndi mnzake wogulitsa machaja. Alinso ndi kakope kamene amalembamo mafoni obwera ndi mtengo wokonzera. Akanakhala kunja akanasunga kopelo n'kukumbutsa awiriwo tsiku la khoti. Ali mkati, benchi yake yatengedwa ndi wina, kope lasowa, mayi wa mandasi wasamukira ku Bangwe. Boma lili ndi apolisi oitana mboni zake. Iye ali ndi mayi ake okha, amene ndalama ya minibasi yopitira ku Chichiri ndi chakudya cha mwana wawo ikuwathera.

Kenako pamabwera yesero limene akaidi anzake amamuuza usiku woyamba: ingovomera, upatsidwe miyezi yako, uziwerenga zodziwika. Pa milandu ing'onoing'ono masamu ake amaoneka omveka. Wovomera amaweruzidwa tsiku lomwelo, khoti limamuchepetsera chilango chifukwa sanalitayitse nthawi, ndipo nthawi zambiri chilangocho chimawerengedwa kuyambira tsiku lomangidwa. Wokana akhoza kudikira nthawi yoposa chilango chimene akanalandira. Motero munthu wosalakwa amavomera, n'kutuluka ndi mbiri ya wakuba imene idzamutsata pofuna ntchito ndiponso akadzaonekeranso kukhoti. Lamulo limafuna kuti woweruza atsimikize kuti wovomerayo akumvetsa mlandu ndi zotsatira za kuvomera kwake. Munthu akati "ndikuvomera, koma sindinkadziwa kuti ndi yakuba", kumeneko si kuvomera, chifukwa kudziwa ndiwo mtima wa mlandu wolandira zakuba, ndipo khoti liyenera kulemba kuti wakana. Koma amene waphunzitsidwa m'chipinda kuti asatchule "koma" sadzamutchula.

Mbali ya odandaula

Sindikufuna kukhala ngati sindimva za mbali inayo. Mayi amene anathyoleredwa nyumba ku Chilomoni, n'kuona woganiziridwa akudutsa pakhomo pake patangotha masiku atatu, amamva kuwawa kwenikweni, ndipo ganizo loyamba limakhala lakuti ndalama zayenda. Nthawi zina mantha ake ndi oona. Mwamuna womenya mkazi wake akatulutsidwa n'kubwerera m'nyumba yomweyo mmene muli mboni yaikulu, kapena wogwiririra mwana akabwerera pamudzi pomwe pali mwanayo, chilungamo chimasokonekeradi, ndipo lamulo la 2000 lija linalembedwa kuti belo yotere ikanidwe kapena imangidwe ndi malamulo okhwima. Chofunika n'chakuti wodandaula auze wofufuza mlandu za kuopsezedwa kulikonse, ndi tsiku ndi mawu ake, kuti woimira boma akhale ndi chogwirika chouza khoti. Ngakhale belo itaperekedwa kale, ikhoza kulandidwa munthu akaopseza mboni kapena akajomba kukhoti.

Chimene chimasowa ndi munthu wofotokozera wodandaula kuti belo si kutha kwa mlandu. Posowa kufotokozaku anthu amataya chikhulupiriro, amaleka kupita kukaperekera umboni, mlandu umafa, ndipo wakuba wotsatira akagwidwa m'makwalala a Ndirande kapena Mbayani ena amathamangira matayala ndi petulo. Apolisi nawo, podziwa mkwiyo umenewu, amakana belo ngakhale pamene palibe chifukwa, ati kuteteza woganiziridwa. Mwa njira imeneyi kusamvetsa kwa kunja kumadzaza zipinda za ku Chichiri.

Tibwerere kwa mnyamata uja

Pa 18 Malichi anatengedwa kukhoti, mwini foni sanabwere, mlandu unaimitsidwa. Pa tsiku lotsatira la khoti galimoto sinafike. Pa 27 Malichi panadutsa popanda pempho lililonse la boma. Pa 3 Epulo panadutsanso. Kuyambira pamenepo akusungidwa kunja kwa malire a lamulo, ndipo palibe amene wazindikira.

Njira zomutulutsira zilipo, ndipo si zodula. Mayi ake akhoza kupita kwa kalaliki wa khoti limene linamva mlanduwo, atatenga nambala ya mlandu, tsiku lomangidwa ndi tsiku loyamba kuonekera, n'kupempha kuti fayilo iikidwe pamaso pa majisitireti chifukwa masiku 30 akwana. Manambala atatu amenewa ndi amene amatsegula makabati. Wachibale wongonena kuti "anamangidwa kalekale, mvula isanathe" amabwezedwa. Akhozanso kudzera kwa alangizi a zamalamulo amene si maloya, monga a bungwe la PASI, limene lakhala likulowa m'ndende kuyambira 2000, kapena a CHREAA a mu Blantyre momwemuno. Iwowa amayenda m'zipinda ndi mafomu, kulemba amene kalata zawo za rimandi zinatha, amene anapatsidwa belo koma alibe owaimira, ndi amene apyola malire, kenako n'kusaka abale awo pafoni. Mndandanda umenewu ndi umene umagwiritsidwa ntchito majisitireti akabwera kudzakhalira khoti m'ndende momwemo, n'kuona mafayilo ambiri tsiku limodzi. Zonsezi zikakanika, gawo 42(1) limalola womangidwa kutsutsa kusungidwa kwake pamaso pa khoti, ndipo bwalo lalikulu likhoza kulamula boma kuti limubweretse ndi kufotokoza, apo ayi limumasule.

Tinene kuti mlangizi wotere wamupeza pakati pa Epulo. Waimbira amalume n'kuwafotokozera tanthauzo la K150,000 yosapereka, ndipo avomera. Majisitireti, ataona kuti malire anadutsa boma lili chete, wachotsa K50,000 ija n'kulola womuimira mmodzi yekha. Mnyamatayo watuluka pa 22 Epulo, patatha masiku 54 chimangidwireni. Mlandu wake sunathe. Lachisanu lililonse lachiwiri azikasaina kupolisi, ndipo tsiku la khoti likafika ayenera kukhalapo ngakhale mwini foni atapanda kubweranso, chifukwa akajomba kamodzi kalata yomumanga ituluka ndipo amalume adzaitanidwa kudzafotokoza za ndalama imene analonjeza. Sabata yoyamba ali kunja waithera ku Bangwe, kufunsa m'misika ngati alipo amene akudziwa kumene mayi wa mandasi uja akugulitsira tsopano.